Kugula galimoto kwa dila kapena kwa mwini wake: zikavuta mudzagwira ndani?

Galimoto yogwiritsidwa kale ntchito imabwera ndi zinthu ziwiri zomwe wogula sangazione poizungulira. Choyamba ndi matenda ake, zomwe zatha mu injini, mu giyabokosi ndi kunsi. Chachiwiri ndi mbiri ya mapepala ake: mwini wake weniweni ndani, msonkho wa MRA unalipidwa kapena ayi, ndipo kodi palibe amene anaigwira chikole. Anthu ambiri akamasankha pakati pa dila ndi munthu wamba wogulitsa galimoto yake amayang'ana kusiyana kwa mtengo, nkumati dila ndi wodula koma wodalirika, munthu wamba ndi wotchipa koma n'kuika moyo pachiswe. Kuno ku Malawi maganizo amenewa amasocheretsa, chifukwa mpanda ndi mbendera za pa yadi sizikutetezani. Chimene chimakutetezani ndi dzina lolembedwa pa lisiti ndi pa bulubuku, ndiponso kuti mwini dzinalo mungathe kumupeza mwezi wamawa.

Tiyambe ndi zomwe lamulo limanena, chifukwa mpamene mbali ziwirizi zimasiyaniranadi. Lamulo lathu la kugula ndi kugulitsa katundu limaika udindo umodzi pa aliyense wogulitsa, kaya ndi kampani kaya ndi mnzanu wa kuntchito: ayenera kukhala ndi ufulu wogulitsa chinthucho. Limanenanso kuti katundu wogulitsidwa potengera mafotokozedwe azigwirizana ndi mafotokozedwewo. Akakuuzani kuti ndi ya 2013 chonsecho ndi ya 2009, walakwa, posatengera kuti ndi dila kapena ayi. Koma pa nkhani yoti katunduyo akhale woti n'kugwira ntchito bwino, udindo umagwera amene bizinesi yake ndi yogulitsa katundu wa mtundu umenewo. Mphunzitsi amene akugulitsa Vitz yake kuti alipire fizi ya mwana salonjeza chilichonse pa za thanzi la injini pokhapokha atanena yekha. Giyabokosi ikafa patatha sabata, ndipo iye sananame pa zomwe munamufunsa, vutolo ndi lanu.

Dila sangazembe mophweka chonchi. Kuwonjezera pa lamulo la malondalo, pali malamulo oteteza ogula komanso bungwe la CFTC, lomwe limalandira madandaulo a ogula pa amalonda. Malamulowa amaletsa wamalonda kunamiza wogula, ndiponso kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka, choncho mawu olembedwa m'munsi mwa lisiti oti katundu akatuluka sabwezedwa si mapeto a nkhani monga amafunira kuti mukhulupirire. Chitetezochi n'chenicheni, koma chili ndi malire awiri. Galimoto ya zaka khumi palibe amene angaiyembekezere kukhala ngati yatsopano, ndiye mashoko otopa ndi mabuleki oti asinthidwe si zifukwa zobwezera. Komanso ngati munaiyendera musanagule, vuto lomwe likanaoneka pa kuyenderako simungadzalidandaule pambuyo pake. Chimene mungadzaime nacho ndi vuto lalikulu lobisika, kapena bodza lomwe mungalitsimikize ndi pepala.

Chitetezo chonsechi chimagwira ntchito ngati amene wakugulitsani ndi dila yemweyo, ndipo ambiri amapunthwa pamenepa. Pa mayadi ambiri a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, magalimoto ena omwe aimikidwa si a mwini yadi. Eni ake anangowasiya kuti agulitsiridwe, dila n'kudzatengapo komishoni yake. Mumafika, mumakambirana ndi anyamata a pa yadi, mumalipira pa ofesi yawo, koma kalata ya mgwirizano imatuluka ndi dzina la munthu amene simunamuonepo. Mwalipira mtengo wa kwa dila koma chitetezo chanu ndi cha kwa munthu wamba. Injini ikadzagogoda, dila adzakuuzani mwaulemu kuti iye anangokulumikizani. N'chifukwa chake funso loyamba pa yadi lisakhale la mtengo wotsiriza. Funsani kuti: bwana, galimotoyi ndi ya kampani yanu kapena mukugulitsira munthu, ndipo lisiti lituluka m'dzina la ndani? Ngati ndi ya kampani, lisiti likhale la kampani, la chidindo, lokhala ndi nambala ya chasisi, ndipo ndalama ilowe mu akaunti ya kampaniyo, osati ya mnyamata amene wakuonetsani galimoto.

Zimachitikanso mobwerera. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muli anthu ambiri olemba kuti akugulitsa galimoto ya madamu awo, yoyenda kunyumba ndi kutchalitchi basi, chonsecho ndi amalonda omwe amagula yotopa, kuipaka polishi, n'kuigulitsa sabata yomweyo. Kuwazindikira sikovuta. Mukaimba foni musatchule mtundu wa galimoto, mungoti mukufunsa za galimoto ija ikugulitsidwa. Akakufunsani kuti iti, mwadziwa kuti ali nazo zingapo. Mukakumana, onani ngati dzina la pa bulubuku likufanana ndi la pa chiphaso chake cha unzika. Kugula kwa munthu wotere si mlandu, koma dziwani kuti sadziwa mbiri ya galimotoyo ngati mwini wake, ndiponso alibe malo okhazikika oti mukamupezepo ngati dila.

Ndalama zobisika za kwa dila zimakhala kwambiri pa magalimoto ongofika kumene kuchokera ku Japan, aja timawatcha ma IT chifukwa cha nambala yomwe amayendera pochokera ku doko la Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Mtengo wolembedwa pa galasi ungatanthauze zinthu zitatu zosiyana. Ungakhale mtengo msonkho usanalipidwe, ungakhale wa galimoto yolipiridwa msonkho koma yosalembetsedwa, kapena wa galimoto yomwe mungakwere n'kumapita. Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri n'kwakukulu kwambiri, chifukwa msonkho wa galimoto umatengera zaka zake ndi kukula kwa injini, ndipo yakale yokhala ndi injini yaikulu imalipitsidwa zowawa. Pakati pa wachiwiri ndi wachitatu pali kulembetsa ku Road Traffic, mbale za nambala, COF yosonyeza kuti galimoto ili bwino moti ingayende pamsewu, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, ndi inshuwalansi, yomwe lamulo silikulolani kuyenda pamsewu mulibe. Dila akakuuzani kuti zonsezi akuchitirani, mufunseni kuti ndalama ya boma ndi zingati ndipo ya ntchito yake ndi zingati, ndipo malisiti a boma adzakupatseni. Pepala la MRA losonyeza kuti msonkho unalipidwa mulione musanalipire, ndipo nambala ya chasisi ya pa pepalalo muifananitse ndi yodindidwa pa chitsulo cha galimoto.

Palinso tina ting'onoting'ono tomwe timadya ndalama mwezi woyamba. Magalimoto ambiri ang'onoang'ono a ku Japan amabwera opanda tayala lapadera, amangokhala ndi kabotolo komatira pankichala ndi kapampu. Ena amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, ofewa, omwe pa phula lotentha la kuno amatha msanga. Kiyi nthawi zambiri amakhala mmodzi, ndipo kupangitsa wachiwiri wa galimoto yolizira pa batani si ndalama yochepa. Wailesi yake imathera pa 90 FM, ndiye mawailesi ambiri a kuno siigwira mpaka mutaikamo kachipangizo kowonjezera. Zonsezi ndi zoti mukambirane musanapereke ndalama, pamene mawu anu akadali ndi mphamvu.

Walanti ya kwa dila nayo imafunika kuiwerenga modekha. Lonjezo la pakamwa loti ikavuta mudzabwere nayo silingakuthandizeni kulikonse. Ngati pali walanti, ilembedwe: ndi ya masiku angati kapena makilomita angati, ikukhudza injini ndi giyabokosi zokha kapena ndi zamagetsi zomwe, ndipo wolipira makaniko ndi wogula zipangizo ndani. Mawalanti ambiri amafa mukangopita nayo galimotoyo kwa makaniko wanu kuti atsegule, choncho vuto likaoneka yambani mwadziwitsa dila pa uthenga wolemba, osati pa foni yokha.

Njira ina yogulira kwa dila ndi yoitanitsa: mumasankha galimoto pa intaneti, mumapereka ndalama, iye n'kukubweretserani. Imatha kutchipa, koma ndi pamene ndalama yanu imakhala nthawi yaitali m'manja mwa munthu wina inu mulibe chogwira. Mitengo ya ku Japan imalembedwa m'madola, ndipo pali kusiyana pakati pa mtengo wa FOB, womwe ndi wa galimoto ili pa doko la ku Japan, ndi wa CIF, womwe ukuphatikiza sitima ndi inshuwalansi mpaka pa Dar es Salaam. Kuchoka apo pali zolipira pa doko, ajenti, dalaivala, mafuta a ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500 kufika ku Lilongwe, ndi msonkho pa chipata. Galimoto ikachedwa kutulutsidwa pa doko, ndalama yosungira imawerengedwa tsiku ndi tsiku. Ndiye palinso kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene galimoto zawo zinali panyanja anapeza kuti msonkho ndi zotsala zonse zakwera usiku umodzi. Mgwirizano woitanitsa uzinena poyera kuti ndalama ikasintha mphamvu wolipira ndalama yowonjezerayo ndani, uzitchula nambala ya chasisi ya galimoto yomwe mwasankha, ndipo muzilipira m'magawo, gawo lililonse mutaona umboni wake.

Ubwino umodzi waukulu wa galimoto yongofika kumene ndi woti mbiri yake ya ku Japan inalembedwa. Ikamatuluka m'dzikomo imapatsidwa chikalata chosonyeza kuti yachotsedwa m'kaundula kuti itumizidwe kunja, ndipo pa chikalatacho pamalembedwa makilomita omwe inali nawo pa nthawi ziwiri zomaliza zomwe inayezedwa ndi boma. Ngati chikalata chikuti zaka ziwiri zapitazo inali pa 128,000 koma lero pa dashibodi pakuoneka 74,000, palibenso chofunsa, mita inabwezedwa. Yambiri imadutsanso pa okushoni, komwe oyendera amalemba pepala la giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yoti ili ndi zofuna kukonza, pamene R kapena RA amatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Dila amene amagula bwino mapepalawa amaonetsa monyadira. Akayamba kuzungulira, yang'anani chiwongolero, mphira wa pa buleki ndi mpando wa dalaivala, chifukwa izi sizibwezedwa ndi kompyuta.

Kwa munthu wamba zinthu zimakhala mwina. Mtengo umatsika chifukwa alibe lendi ya yadi, alonda kapena phindu loti aikepo, ndipo nthawi zambiri akufuna ndalama msanga. Galimotoyo inalembetsedwa kale, ndiye msonkho ndi mbale za nambala si nkhani yanu. Choposa zonse, mukulankhula ndi munthu amene wayenda nayo, amene angakuuzeni makaniko wake, oyilo amene amathira ndi liti pamene anasintha mashoko. Mwini wake weniweni, wokhala ndi malisiti a sevisi, amene mwamupeza pakhomo pake kapena kuntchito kwake, kwa ine amaposa dila amene galimotoyo wangoiona masabata awiri. Vuto ndi loti zoopsa za mbali iyi, zikachitika, sizimathera pa kukonza. Zimatha kukulandani galimoto yonse.

Choopsa choyamba ndi umwini. Lamulo limati munthu sangakupatseni ufulu umene iye alibe. Mukagula galimoto yobedwa, ngakhale munagula ndi mtima woyera ndipo muli ndi mboni, mwini wake akapezeka imabwerera kwa iye, inu n'kutsala ndi ntchito yosaka amene anakugulitsani. N'chifukwa chake nambala ya chasisi iyenera kuonedwa ndi maso anu pa chitsulo, osati pa kambale komata kokha. Magalimoto a msika wa ku Japan ali ndi nambala yaifupi yoyamba ndi zilembo za mtundu wake, monga KSP90 pa Vitz ya injini ya lita imodzi kapena NCP81 pa Sienta yakale. Pamalo pomwe yadindidwa pakaoneka zizindikiro zowotcherera, penti watsopano kapena manambala osalingana, chokanipo. Galimoto yochokera ku Joni imafuna kusamala kuwirikiza. Ikhale ndi chikalata cha apolisi a kumeneko chololeza kuti ituluke, ndipo isakhale yoti inalowa pa chilolezo choyendera kwakanthawi, chifukwa yotero siloledwa kugulitsidwa kuno msonkho usanalipidwe.

Chachiwiri ndi ngongole. Galimoto yogulidwa pa ngongole ya kubanki imalembedwa mosonyeza kuti bankiyo ili ndi ufulu pa iyo mpaka ngongole itatha, ngakhale woyendetsa ndi wina. Palinso kaundula wa boma wa katundu woikidwa chikole, yemwe anakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2013 pansi pa ofesi ya Registrar General, momwe obwereketsa ndalama amalembetsa katundu amene amugwira. Kufufuza m'menemo kumatenga kandalama kochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto. Chimene kaundulayu sangakuonetseni ndi katapila. Munthu amasiya bulubuku kwa wokongoza, kenako n'kukuuzani kuti linasowa posamuka nyumba ndipo akutulutsa lina. Musalipire pa fotokope kapena pa chithunzi cha pa foni. Ngati bulubuku lenileni palibe, dikirani mpaka lipezeke.

Chachitatu ndi msonkho womwe sunalipidwe. Pali anthu ndi mabungwe omwe amaloledwa kulowetsa galimoto osalipira msonkho, koma chilolezocho chimakhala ndi zoyenera kutsata, ndipo kuigulitsa popanda kudziwitsa MRA kungachititse kuti msonkhowo ufunike. MRA ikafuna ndalama yake imagwira galimoto kumene ili, ndiye kuti pakhomo panu. Galimoto yaikulu yokongola yomwe mtengo wake watsika modabwitsa, funsani kuti inalowa bwanji m'dziko, ndipo kafunseni ku MRA ndi nambala ya chasisi.

Koma vuto lofala kuposa onsewa ndi losaoneka loopsa poyamba: bulubuku lokhala ndi dzina la munthu wachitatu. Galimoto imagulitsidwa kawiri kapena katatu popanda kusintha umwini, aliyense akuthawa mzere ndi ndalama ya ku Road Traffic, n'kumangopatsirana makalata a mgwirizano. Chiyambire pamene kaundula wa magalimoto anaikidwa pa makina atsopano a MalTIS mu 2015, munthu aliyense amadziwika ndi khadi lake ndi zidindo za zala, ndipo kusintha umwini kumafuna kuti amene walembedwa m'kaundula avomereze. Ngati munthuyo ali ku Cape Town, kapena foni yake inasiya kugwira, mwagula galimoto yomwe simungailembetse m'dzina lanu. Ngati anamwalira, galimotoyo ndi chuma cha masiye, ndipo woyenera kuigulitsa ndi amene khoti linamupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, osati mlamu kapena mwana amene ali ndi kiyi. Ena amapirira n'kumangoyenda nayo choncho, koma tsiku la ngozi, lofuna chipukuta misozi ku inshuwalansi, kapena logulitsanso, nkhaniyo imadzuka. Kwa wogulitsanso si zabwino, chifukwa galimoto ikapalamula amayamba kufunsidwa ndi amene dzina lake lili m'kaundula.

Tiyeni tione momwe zonsezi zimakhalira pa galimoto imodzi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, chifukwa mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, koma kawerengedwe kake n'komweko. Mayi wina wogwira ntchito ku Lilongwe akufuna Sienta yoti azitengera ana kusukulu. Wapeza ziwiri zopangidwa chaka chofanana. Yoyamba ili pa yadi, ndi IT yolipiridwa msonkho, mtengo K18 miliyoni. Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Area 25, yayenda kuno zaka zitatu, mtengo K14.5 miliyoni. Pa maso, kusiyana ndi K3.5 miliyoni.

Pa ya kwa dila, mayiyu awonjezere kulembetsa, mbale, COF ndi chikalata cha apolisi, tayala lapadera ndi jeke, komanso sevisi yoyamba yosintha oyilo ndi mafyuluta, popeza sadziwa kuti ku Japan inasinthidwa liti. Tinene kuti zonse ndi K1.2 miliyoni. Yafika pa K19.2 miliyoni. Pa ya bambo aja, apite ndi makaniko wake, osati wobwera ndi wogulitsa, ndipo apemphe kuti aipeze injini ili yozizira, chifukwa utsi wa buluu ndi kugogoda kwa m'mawa zimabisala injini ikatentha. Makanikoyo akatembenuza kiyi osaliza, magetsi onse a pa dashibodi ayake, kuphatikiza la injini ndi la eyabagi, kenako azime ikalira. Limene silikuyaka n'komwe ndiye kuti wina analizimitsa dala. Alumikize kompyuta yoyezera, aikweze aone kunsi, ayende nayo pokwera chitunda. Tinene kuti wapeza mashoko anayi atha, mabushi akutsogolo ang'ambika, matayala awiri afika pa waya, COF yatsala mwezi umodzi. Ndi kusintha umwini komwe, zonse K1.8 miliyoni. Yafika pa K16.3 miliyoni, ndipo ikadali yotchipa ndi pafupifupi K3 miliyoni.

Mpaka apa ya munthu wamba yapambana, ndipo nthawi zambiri imapambanadi. Koma makaniko uja waonanso kuti mipando yakumbuyo yaphwa kwambiri, chitseko chotsetsereka chikulendewera, ndipo giyabokosi ikunjenjemera ponyamuka. Izi ndi zizindikiro za galimoto yomwe yakhala ikunyamula anthu ngati takisi, monga ma Sienta ambiri amachitira m'misewu yathu, ndipo giyabokosi ya mtundu wa CVT siipirira katundu wopyola muyeso kapena kuthiridwa oyilo wolakwika. Ikafa, kugula ina yakale ndi kuiika kungadye gawo lalikulu la K3 miliyoni ija, ndipo palibe woti mukamudandaulire. Apa mayiyu ali ndi njira ziwiri zanzeru: kuchotsa mtengo wa giyabokosi pa mtengo wa galimoto, kapena kuisiya. Chimene sayenera kuchita ndi kukhulupirira mawu oti imangofuna kusintha oyilo. Ndipo ngakhale giyabokosi ikanakhala bwino, bulubuku likanapezeka ndi dzina la munthu amene sangabwere ku Road Traffic, kuwerengera konseku kukanakhala kopanda ntchito.

Tsiku lolipira lili ndi dongosolo lake, ndipo dongosololi ndi limene limalowa m'malo mwa chitetezo chomwe lamulo silikupatsani kwa munthu wamba. Musatumize ndalama yogwirira galimoto yomwe simunaione, ngakhale akuuzeni kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana. Zithunzi za magalimoto a eni zimabedwa tsiku ndi tsiku n'kuikidwa pa mtengo wotsika kuti anthu atumize kandalama pa foni. Mukagwirizana, lembani kalata yokhala ndi mayina ndi manambala a ziphaso za nonse awiri, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, makilomita, mtengo, ndi mawu a wogulitsa otsimikiza kuti galimotoyo ndi yake, ilibe ngongole, ndipo msonkho unalipidwa. Zomwe wanena pakamwa, monga kuti sinachitepo ngozi, zilowenso m'kalatamo, chifukwa bodza lolembedwa mungapite nalo kukhoti ngakhale wogulitsayo si wamalonda. Pakhale mboni mbali iliyonse. Ngati ndi munthu wapabanja, si mwano kufunsa ngati akunyumba akudziwa, popeza magalimoto ena amagulitsidwa mkati mwa mkangano wa banja.

Kenako pitani limodzi ku Road Traffic tsiku lomwelo. Kumeneko mudzadziwa ngati zomwe zili pa bulubuku zikugwirizana ndi za m'makina, ngati pali banki yolembedwapo, ndiponso ngati pali zindapusa zomwe sizinalipidwe, zomwe wogulitsa ayenera kumaliza yekha. Ndalama yaikulu ituluke kudzera kubanki pamene wogulitsayo wachita mbali yake yosintha umwini, osati dzulo lake, chifukwa munthu amene walandira kale zonse sakhalanso ndi chifukwa choimira pa mzere. Madobadoba a pa geti adzakuuzani kuti atha kukusinthirani popanda mwini wake kubwera. Ngakhale zitatheka, mwalipira ndalama yowonjezera kuti mukhale ndi pepala lomwe mwini dzina angadzalikane. Inshuwalansi ya wogulitsa musaidalire kuti yasamukira kwa inu, kalankhuleni ndi kampani ya inshuwalansi musanayambe kuyenda.

Palinso ndalama ya anthu apakati, yomwe imabisala mbali zonse ziwiri. Mnyamata amene wakuperekezani kukaona galimoto nthawi zambiri anagwirizana kale ndi mwini wake mtengo wotsika, ndipo iye waikapo yake pamwamba, kenako adzafunanso kangachepe kwa inu. Nthawi zina amakhala awiri kapena atatu motsatizana, aliyense ndi gawo lake. Ntchito yolumikiza anthu ndi yoyenera kulipidwa, koma mtengo muumve kuchokera pakamwa pa mwini galimoto, ndipo komishoni igwirizanidwe padera musanapite.

Ndiye ndani apite kuti? Munthu amene akugula galimoto yoyamba, alibe makaniko womukhulupirira, ndipo ndalamayo ndi ya ngongole yoti sangaitaye, ndingamulangize dila wokhazikika, amene wakhala pamalo amodzi zaka zingapo, wogulitsa galimoto ya kampani yake pa lisiti la kampani, mapepala a MRA ndi a ku Japan ali pa tebulo. Ndalama yowonjezerayo akugulira malo oti akagogode, ndi mwayi wokadandaula ku CFTC zikakanika. Amene ali ndi makaniko wabwino, tsiku lathunthu lopita ku Road Traffic, ndi ndalama yapadera yokonzera, apeza zotchipa kwa mwini wake, bola dzina la pa bulubuku likhale la munthu amene waima patsogolo pake. Galimoto yosiyidwa pa yadi kuti igulitsiridwe muiyese ngati ya munthu wamba: funsani kukumana ndi mwini wake, chitani kafukufuku yense wa mapepala, ndipo mtengo wake muutsitse molingana ndi zimenezo.